Nyemba za m'katoni: kukonza phunziro la bayoloji loti ana adzipezere okha yankho

Dzalani nyemba m'mabotolo awiri odula. Lina muliike pakhonde pomwe pamawala bwino, linalo mulivundikire ndi katoni kuti likhale mumdima usana ndi usiku. Pakatha masabata awiri, nyemba zotalika zidzakhala ziti?

Funsoli mukaliponya m'kalasi ya Fomu 2, manja ambiri amaimikira nyemba za pakhonde. Ena amanenetsa kuti za m'katoni sizimera n'komwe. Anawo sakuyankha mwachibwana ayi, akutsata zomwe anaphunzira kupulaimale, zoti mbewu imafuna dzuwa kuti ikule. Koma tsiku lovundukula katoni likafika, amapeza kuti nyemba za mumdima zamera, ndipo zatalika kuposa zinzake, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena kupitirira. Kungoti ndi zonyozoloka, tsinde loyera, timasamba tachikasu tosatambasuka, ndipo zina zagwa kale chifukwa cholephera kudzinyamula.

Kudabwa kwa tsiku limenelo ndiko mphunzitsi amakonzera akamalemba phunziro lofufuza. Pa phunziro lotere iye sayamba ndi kulemba yankho pabolodi. Amabweretsa funso, ophunzira amalosera zomwe zichitike, amayesa, amaona ndi kulemba, ndipo pamapeto amamanga mfundo kuchokera pa zomwe aonazo. Akatswiri awiri a maphunziro a ku Australia, Richard White ndi Richard Gunstone, anaifotokoza bwino njirayi m'buku lawo la mu 1992: wophunzira alosere, aone, kenako afotokoze chifukwa chomwe zomwe analosera zagwirizana kapena zasemphana ndi zomwe waona. Kuno kwathu aphunzitsi a sayansi ambiri anakumana ndi maganizo oterewa m'maphunziro a SMASSE, omwe anayamba mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, ndipo amalimbikitsa kuti ophunzira azigwira zinthu ndi manja, ngakhale zipangizo zake zikhale zotola pakhomo. Komabe kugwiritsa ana mabotolo ndi dothi pakokha si kufufuza. Kalasi itha kudzala, kuthirira ndi kuyeza kwa masabata awiri popanda mwana ndi mmodzi yemwe woganizapo kanthu, ngati mphunzitsi ananena kale zomwe zidzatuluke.

Ntchito yoyamba ndi kusankha funso, ndipo apa ndi pomwe mapulani ambiri amapunthwa. Funso loti "kodi mbewu zimafuna chiyani kuti zikule?" ndi lalikulu kwambiri, silingayankhidwe ndi botolo. Loti "kodi mbewu zimafuna kuwala?" mwana aliyense amayankha kuti inde asanagwire dothi, ndiye kufufuza kwathera pomwepo. Funso labwino limatchula chinthu chimodzi chomwe tisinthe, chomwe tiyeze, ndi nthawi yake: kodi kuwala kumasintha bwanji kutalika, mtundu ndi masamba a nyemba m'masiku 14 oyambirira? Pamenepa mwana akudziwa choti ayang'ane, koma yankho sakulidziwa.

Nyemba zimaposa chimanga pa ntchitoyi pa zifukwa zooneka ndi maso. Nyemba ikamamera imatulutsa kunja zibanthu zake ziwiri zija, momwe muli chakudya chomwe mbewuyo inasunga, ndipo ana amaziona zikufota tsiku ndi tsiku pamene mmera ukukula. Njere ya chimanga imatsalira pansi, kotero kuti nkhokwe yake siioneka. Komanso tsinde la nyemba ndi losavuta kuyeza, pomwe pa chimanga chaching'ono ana amakangana ngati akuyeza tsinde kapena tsamba.

Mphunzitsi wanzeru amayamba sabata imodzi kapena awiri ana asanamve za phunziroli. Nyemba za pamsika zina zimakhala zofumbwa, zina zakale. Tengani 20, muzikulunge m'kansalu konyowa, muone kuti pakatha masiku asanu zamera zingati. Zikamera zosakwana 16, funani mbewu ina, chifukwa magulu ena adzangotsala ndi mabotolo a dothi lokha. Zikhalenso za mtundu umodzi. Nyemba zoyanga ndi zosayanga zikasakanikirana, kusiyana kwa kutalika kudzachokera ku mtundu, osati ku kuwala. Pa nthawi yomweyo mphunzitsi adzale mabotolo ake awiri kunyumba. Amenewa amamuuza masiku omwe mmera utenge kuti utuluke pa nyengo imeneyo, ndipo amakhala chopulumukira ngati mbuzi kapena makoswe atadya za gulu lina. Nyengo yotentha, ngati mu Okutobala, nyemba zimatuluka pakatha masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi. M'mwezi wa Juni kapena Julayi, makamaka kumalo okwera ngati ku Dedza, zimachedwerapo, ndiye ndi bwino kuonjezera sabata pa pulani.

Tiyerekeze kalasi ya ana 60. Magulu khumi a anthu asanu ndi mmodzi, gulu lililonse mabotolo awiri, botolo lililonse nyemba zinayi. Zonse pamodzi ndi mabotolo 20 ndi nyemba 80, zomwe sizidzaza ngakhale kapu. Mabotolo akhale a msinkhu umodzi, oboola pansi kuti madzi azituluka. Dothi lichokere pamalo amodzi, lisakanizidwe m'ndowa imodzi ndi mchenga pang'ono, kenako ligawidwe mofanana. Nyemba zilowe pansi masentimita atatu, ndipo kamtengo kolembedwa chizindikiro kamathandiza kuti aliyense akumbe mofanana. Katoni ikhale yotalika masentimita osachepera 40, chifukwa nyemba za mumdima zimafika patali, ndipo zikagunda denga zimapindika.

Piriyodi yoyamba ikhale yophatikiza, mphindi 80. Mphindi makumi awiri zoyambirira ndi za kulosera, ndipo ine ndimaona kuti gawo limeneli ndilo lofunika kulisamala kuposa ena onse. Mwana aliyense alembe yekha m'kope, ndi bolopeni, asanakambirane ndi mnzake. Mukangofunsa kuti aimike manja, ana amayang'ana kaye uja amakhoza kwambiri, n'kutsatira dzanja lake, ndipo simudziwa zomwe zili m'mitu mwawo. Kuloserako kukhale ndi mbali ziwiri: chomwe chichitike, ndi chifukwa chake. "Za padzuwa zidzatalika kwambiri chifukwa zikupanga chakudya" ndi kulosera kwabwino ngakhale kuti kudzapezeka kolakwika, popeza kungathe kuyesedwa ndipo kwaonetsa maganizo a mwanayo. "Za padzuwa zidzakula bwino" sikuthandiza, chifukwa chilichonse chomwe chingatuluke mwana adzati ndi zomwe amatanthauza. Mufunseni kuti "bwino" ameneyo tidzamuyeza ndi chiyani.

Akatha kulemba, werengani mayankho ndi kuwaika pa pepala lalikulu lomwe likhale pakhoma mpaka tsiku lomaliza: angati akuti za pakhonde zidzatalika, angati akuti za m'katoni, angati akuti za m'katoni sizimera. Apa mphunzitsi agwire nkhope. Akangomwetulira pa yankho lolondola, kapena kunena kuti "waganiza bwino", ana azindikira, ndipo masabata awiri otsatirawo angokhala odikira zomwe akudziwa kale. Kuloserako kusakhalenso ndi malikisi a kukhoza kapena kulakwa. Ana akadziwa kuti kulosera molakwika kuwadyera malikisi, adzafufuta mobisa n'kulemba zina akaona zotsatira.

Nthawi zambiri m'kalasi mumakhala mwana mmodzi kapena awiri ochokera ku banja la alimi a fodya, omwe anaonapo mbande zothithikana pa nazale zikunyozoloka, kapena anaona chimanga cha pansi pa mtengo wa mango chikutalika chopanda thupi. Oterewa amalosera molondola. Alekeni anene chifukwa chawo, anzawo atsutse, ndipo inu musagamule. Zokambiranazi zikachitika m'Chichewa ana ambiri amamasuka, ngakhale zolemba za m'kope zikhale m'Chingerezi monga mayeso amafunira.

Kenako afunseni okha kuti atchule zomwe ziyenera kufanana m'mabotolo awiriwo kuti mpikisano ukhale wachilungamo. Dothi, mbewu, kuya kwa dzenje ndi madzi amazitchula msanga. Zomwe amaiwala ndi kutentha ndi mpweya. Katoni yotsekedwa ikakhala padzuwa la masana imatentha mkati kuposa kunja, ndipo zikatero mwasintha zinthu ziwiri, kuwala ndi kutentha, osadziwa kuti chachititsa kusiyana ndi chiti. Njira yake ndi kuika mabotolo onse pamalo amodzi, pakhonde lomwe limalandira dzuwa la m'mawa ndi kuwala kokwanira tsiku lonse, ndi kuboola timabowo m'munsi mwa katoni, n'kutiphimba ndi kachidutswa ka katoni kopinda kuti mpweya uzilowa koma kuwala kusalowe. Botolo la kowala musaliike m'kalasi pafupi ndi windo. Kuwala kwa mbali imodzi kumapendeketsa mmera, ndipo kuwala kochepa kumaunyozolanso, kotero kuti kusiyana komwe mukufuna kuona kumachepa.

Nkhani ya madzi ili ndi kamsampha kake. Lamulo lomwe ana amapanga ndi loti botolo lililonse lilandire madzi ofanana, tinene mamililita 50 pa masiku awiri aliwonse. Koma dothi la m'katoni siliuma msanga ngati la panja. Mukapitiriza kuthira mofanana, la m'katoni limasanduka matope, mizu imasowa mpweya, ndipo mmera umaola pa khosi n'kugwa. Chizindikiro chake ndi tsinde lofewa, lakuda m'munsi, ndi kafungo ka chuku mukatsegula. Chomwe chiyenera kufanana ndi chinyezi cha dothi, osati kuchuluka kwa madzi othiridwa. Vutoli ndi bwino kulisiya kuti ana alipeze okha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi akapisa chala m'dothi, kenako agwirizane chochita n'kulemba m'kope kuti asintha lamulo ndi chifukwa chake.

Kuona ndi kulemba sikufuna piriyodi yathunthu. Mphindi khumi pa nthawi yopuma, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, n'zokwanira. Katoni itsegulidwe mwachangu, pamthunzi, n'kutsekedwanso, chifukwa mmera umamva ngakhale kuwala kwa kanthawi kochepa, ndipo gulu lomwe limangosuzumira pafupipafupi limapeza timasamba tayamba kubiriwira. Tebulo la m'kope lijambulidwe tsiku lodzala, likhale ndi malo a tsiku, nambala ya mmera, kutalika, mtundu, masamba, ndi malo ena a zosayembekezereka. Kuyeza kuyambire pa dothi kukafika pa nsonga ya tsinde pomwe pakutuluka masamba atsopano. Kalasi yonse igwirizane zimenezi kamodzi, apo ayi gulu lina liyeza mpaka ku nsonga ya tsamba. Tsinde lopindika amaliyeza ndi ulusi, kenako ulusiwo amauika pa rula.

Chovuta kwa ana pa gawoli ndi kulekanitsa zomwe aona ndi zomwe akuganiza. Mudzapeza wina walemba kuti "mmera ukudwala" kapena "ukufunafuna dzuwa". Zimenezo maso sanazione. Maso aona tsinde loyera la masentimita 18, masamba awiri achikasu opindana, ndi nsonga yokhota ngati mbedza yomwe sinawongoke, pamene ya pakhonde inawongoka tsiku lomwe inatuluka m'dothi. Mubwezereni mwanayo ku botolo ndi funso limodzi: "Waona chiyani chomwe chakuuza kuti ukudwala?" Kujambula kumathandizanso, bola ajambule mmera womwe uli patsogolo pake, osati wa m'buku.

Tsiku la 14 ndilo la piriyodi yachiwiri yophatikiza. Tiyerekeze kuti gulu lina lapeza izi. Nyemba za pakhonde zatalika masentimita 11, 12, 13 ndi 12, ndiye pakatikati ndi 12. Za m'katoni zitatu zatalika 24, 27 ndi 27, koma yachinayi sinamere. Apa ana amagawanika. Ena amalemba 0 pa yosamerayo n'kugawa 78 ndi 4, kupeza 19.5. Ena amagawa ndi 3, kupeza 26. Olondola ndi achiwiriwa, chifukwa funso lathu ndi la kutalika kwa mmera, ndipo nyemba yomwe sinamere ilibe kutalika koti kuwerengedwe. Koma isatayidwe mwakachetechete. Aifukule, aone ngati inaola kapena inali yofumbwa, ndipo ilembedwe pamalo ake, poti ikuyankha funso lina, la kumera. Magulu onse khumi akaika manambala awo pabolodi, ana amaona okha ubwino wodzala nyemba zambiri. Gulu limodzi litha kupeza zachilendo, koma zomwe zabwerezeka m'magulu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi sizinachitike mwangozi. Gulu lomwe lasiyana ndi anzake lisachititsidwe manyazi. Lifufuze ngati katoni yake inali ndi mng'alu.

Tsopano tsitsani pepala la kulosera lija. Mwana aliyense awerenge zomwe analemba, anene ngati zotsatira zagwirizana nazo, ndipo alembe mfundo yake. Ngozi yaikulu ili pano. Mwana amene wangoona 26 ndi 12 amalemba mosangalala kuti mbewu zimakula bwino mumdima, ndipo mukamusiya choncho achoka m'kalasi ndi bodza lalikulu kuposa lomwe analowa nalo. N'chifukwa chake tinamuuza kuyambira pachiyambi kuti alembenso mtundu ndi masamba. Mufunseni kuti ngati atapatsidwa mbande ziwirizi kuti akaokere kudimba, angatenge iti. Palibe amasankha yoyera ija. Ndiye kutalika kwakeko kwachokera kuti?

Apa, ndipo osati kale, mphunzitsi afotokoze. Mmera wa mumdima ukuchita zomwe mmera uliwonse umachita udakali pansi pa dothi: umatalikitsa tsinde mwachangu, umasunga nsonga yake yokhota kuti isavulale, ndipo suwononga chakudya pa masamba mpaka utafika powala. Kutalikako kwakukulu ndi maselo a tsinde omwe amwa madzi n'kutamuka, ndipo mphamvu yake ikuchokera m'zibanthu zija. Kubiriwira kwa masamba kumachokera ku kulorofilo, yemwe nyemba siingapange popanda kuwala, ndipo popanda iye mmera sungapange chakudya chatsopano kuchokera ku madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Ukungodya za m'nkhokwe, ndipo zikatha umafa. Sukulu yomwe ili ndi sikelo yoyeza mpaka gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu itha kutsimikiza izi: zulani mbande khumi za m'katoni, tsukani mizu, ziumitseni mpaka zisiye kupepuka, ndipo mudzapeza kuti n'zopepuka kuposa nyemba khumi zouma zomwe sizinadzalidwe. Kumene kulibe sikelo, ayodini amathandiza. Tsamba la pakhonde likawiritsidwa, n'kusukulutsidwa mu sipiriti wotenthetsedwa m'madzi otentha, osati pamoto, limada likadonthezedwa ayodini chifukwa muli sitachi, pamene la m'katoni silida.

Mfundo yomaliza iyenera kulekezera pomwe umboni walekezera. Ana angathe kunena kuti nyemba za mtundu uwu, m'masiku 14, zinamera mumdima ndi powala pomwe, ndipo za mumdima zinatalika kwambiri koma zinali zoonda, zachikasu, za masamba ang'onoang'ono. Sangathe kunena kuti mbewu zonse zimamera popanda kuwala. Njere za fodya zimafuna kuwala kuti zimere bwino, n'chifukwa chake pa nazale amazifesa pamwamba osazikwirira ndi dothi. Sangathenso kunena motsimikiza kuti kutentha kunalibe gawo, ngati sanayeze m'katoni ndi kunja. Mwana amene walemba yekha malire oterewa ndiye woyenera malikisi ambiri, kuposa uja analosera molondola.

Nkhani ya Jan Baptist van Helmont, wa ku Brussels, imathandiza kuti ana amvetse zimenezi, ndipo imatenga mphindi zisanu zokha. Iye anadzala kamtengo kolemera makilogalamu pafupifupi 2.3 mu mphika wa dothi louma lolemera makilogalamu pafupifupi 91, n'kumangothirira madzi kwa zaka zisanu. Atayezanso, mtengo unali utafika makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi linali litachepa ndi magalamu osakwana 60. Zomwe analemba zinasindikizidwa mu 1648, iye atamwalira kale. Anayeza mosamala, ndipo anaonetsadi kuti mtengo sudya dothi. Koma anagamula kuti thupi lonse la mtengowo linachokera ku madzi okha, chifukwa madzi ndiwo anali kuthira ndi manja ake. Mpweya, komwe kunachokera gawo lalikulu la thupi louma la mtengowo, sanauwerengere. Apatseni ana manambalawa musanawauze chigamulo chake, muwafunse kuti akutsimikiza chiyani ndipo sakutsimikiza chiyani.

Mabotolo musawataye belu likalira. Pafupifupi nthawi zonse wina amafunsa ngati nyemba yoyera ija ingabiriwire itatulutsidwa. Limenelo ndi funso la sabata yotsatira, ndipo zipangizo zake zilipo kale. Alembenso kulosera kwawo, theka la mabotolo a m'katoni lituluke, theka litsale. Otulukawo ayambe akhala pamthunzi wowala, chifukwa dzuwa la masana limawaula masamba anthete otere, ndipo tsinde lililonse lipatsidwe kamtengo kotsamira. Ngati zibanthu zisanafoteretu, masamba amayamba kubiriwira pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma tsinde lomwe linatalika kale silifupikanso.